Nkhuku ya Amayi ndi Chizungu Changa

Chaka chimene mng'ono wanga anabereka mwana wake woyamba, ine ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa nyumba ina yogona alendo mtauni mu Livingstone. Mwini wake anali mzimayi wachizungu wa ku Mangalande, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula. Tonse tinkangoti ba madamu. Anandilemba ntchito chifukwa cha Chizungu changa, ndipo kunena zoona ndinkanyada nacho. Kwathu ku komboni ya Dambwa kalata iliyonse yovuta ankabwera nayo kwa ine.

Tsiku lina masana, mvula ili pakati, mnansi wathu anafika kuntchito atanyowa, nkundiuza kuti mng'ono wanga matenda amuyamba ndipo akutaya magazi. Maminibasi sankalowa mumsewu wathu chifukwa cha matope. Ba madamu anangotenga makiyi. Anayendetsa okha mpaka pakhomo pathu, anamunyamula pamodzi ndi amayi, ndipo kuchipatala anakhala pa benchi mpaka tinamva kuti mayi ndi mwana ali moyo. Mpando wa galimoto unali magazi okhaokha. Anatsuka okha, sanauze aliyense.

Patapita sabata, amayi anati tipite tikathokoze. Amayi anakulira ku Katete, ndipo zaka zonse zimene anakhala mtauni sizinawasinthe lilime. Anavala chitenje chopitira kutchalitchi, namanga miyendo ya nkhuku yaikazi imene inali itangoyamba kuikira.

Tinawapeza ba madamu pakhonde akumwa tiyi. Anakoka mpando, koma amayi anaulambalala nkugwada pa simenti. Anaika nkhuku patsogolo, anawomba m'manja mwa mphako, nayamba.

Anati iwo ndi mkazi wamasiye, alibe chilichonse. Anati tsiku lijalo anali atayamba kale kuganiza za kumene adzapeze matabwa a bokosi. Anati ba madamu awapukuta misozi isanagwe, awavula manyazi pakati pa anthu, ndipo mwana amene ali kunyumbayo akupuma chifukwa cha iwo. Analankhula nthawi yaitali, nkumaliza monga amamalizira aliyense woleredwa bwino kwathu: "Musatope, mayi. Ndi mawa lomwe muchite chomwechi."

Onse awiri anandiyang'ana.

Mutu wanga unaima. Mawu onse ndinkawadziwa m'Chizungu, bokosi, misozi, manyazi, koma nditawayala mumtima anamveka ngati sewero la kusukulu. Ndinaona kuti ndikawanena, amayi aoneka ngati munthu wokokomeza. Ndiye ndinangoti, "She says thank you very much."

Amayi anandicheukira. "Zonse ndanenazi, iwe wangoti fyu? Kodi Chizungu chake ndi chomwechi, kapena wandibera mawu?"

"Amai, ba madamu sibakonda vokamba vambiri," ndinanong'ona.

"Sindinabwere kudzafunsa zimene amakonda. Uwauze."

Ndinapsa mtima, ndipo mwa mkwiyowo ndinamasulira liwu ndi liwu, kuyambira pa matabwa mpaka pa mapeto. Ndinawauza m'Chizungu kuti amayi akuti musatope, mawanso muchite zomwezi. Ba madamu anakweza nsidze. Anafunsa ngati kunyumba kuli vuto lina. Ndinati ayi, koma sindinathe kufotokoza kuti kwathu mawu amenewa sapempha kanthu, amangouza munthu kuti mtima wake ndi wabwino, asausiye. Pamene ndinkafunafuna poyambira, iwo anali atayamba kale kuyankha.

Nkhope yawo inali itafiira, maso ali ndi misozi. Anagwedeza dzanja nati, "Oh, it was nothing. Please don't mention it. She really shouldn't have."

Mawu amenewa ndinkawamva tsiku lililonse pa ntchito, ndipo ndinkadziwa kuti ndi ulemu wa kwawo: munthu amachepetsa chimene wachita kuti mnzake asamve kulemedwa. Koma m'Chichewa anatuluka motere m'mutu mwanga: akuti sichinali kanthu, musazitchulenso, ndipo nkhukuyi simunayenera kubwera nayo. Ndiwauze amayi, ali chigwadire pa simenti, kuti moyo wa mwana wawo sunali kanthu? Akananyamuka ndi nkhuku yawo, ndipo mpaka kumanda akanakhulupirira kuti kuthokoza kwawo kunakanidwa. Ndinachita mantha kwambiri.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Bakamba ati mwana wanu ni mwana wao. Ati nkhuku balandira na manja yabili."

Amayi anawombanso m'manja, nkhope ili ngwee. Ba madamu anaitenga nkhuku ija moigwira ngati ingaphulike, ndipo tinatsanzikana.

Tinakwera minibasi yobwerera kunyumba. Sindinkadziwa ngati ndanama kapena ndanena zoona. Pamene ndinamasulira mokhulupirika, liwu ndi liwu, ndinasokoneza munthu. Pamene ndinapeka mawu, aliyense anasangalala. Nanga ntchito ya womasulira ndi iti? Aphunzitsi athu a Chizungu sanatiuzepo zimenezi.

M'mawa mwake linali Loweruka, sindinapite kuntchito. Ndikuchapa matewera panja, ndinamva galimoto ikulimbana ndi matope. Anali ba madamu. Anatsika ndi makiyi m'manja nkundifunsa kuti ndani akupita kuchipatala, popeza amayi anati mawanso.

Ndisanayankhe, amayi anatuluka. Ataona kuti mlendo ndi ndani, sanadabwe nkomwe. Anayala mphasa, analowa m'nyumba, natuluka ndi khanda lija, lomwe mchombo wake unali utagwa dzana lake. Analiika m'manja mwa ba madamu.

"Uwauze," anatero amayi. "Anena okha kuti mwana wanga ndi wawo. Ndiye mdzukuluyu ndi wawonso. Amutche dzina."

Apa ndiye ndinasowa kolowera. Bodza langa linali litabala mwana, ndipo mwanayo anali m'manja mwa abwana anga. Ndinaganiza zopekanso china, kuti amayi akungofuna muone khandali, koma dzina likanachokera kuti? Ndinaulula zonse m'Chizungu. Ndinati palibe wopita kuchipatala, mawu a mawa aja ndi mathokozedwe chabe. Ndinatinso dzulo sindinawauze amayi kuti mwati sichinali kanthu, chifukwa kwathu mawu amenewo amapweteka, ndipo m'malo mwake ndinati mwana wa amayi ndi mwana wanu. Ndinadikira kuti andiuze kuti Lolemba ndisabwere.

Ba madamu anayang'ana khandalo. Kenako anafunsa ngati kwathu munthu amaloledwa kunena mawu otero kwa munthu amene si mbale wake. Ndinati inde. Anati kwawo akanachita nawo manyazi, koma pa benchi ya kuchipatala paja ndi zimene ankamva mumtima. Anatchula dzina la malemu mayi awo, nafunsa ngati lingatheke. Ili lokha silinafune womasulira. Amayi analibwereza kawiri, nalipinda kuti likwane pakamwa pawo, ndipo ndi limene mtsikanayo amadziwika nalo mpaka lero.

Galimoto itapita, ndinabwerera ku matewera anga. Amayi anaima pambali panga.

"Dzulo unawonjezera," anatero.

Ndinafuna kukana.

"Usandiyese mwana. Chizungu sindimva, koma ndinaona dzanja likukankha nkhuku yanga, iwe nkumati alandira ndi manja awiri. Usiku wonse ndimaganiza kuti andikana."

"Nanga mwanayu mwabapatsa bwanji?"

Amayi analoza mikwingwirima ya matayala m'matope.

"Ndinati ndi mawa lomwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu mawu amenewa. Woyamba kubweradi ndi ameneyu."