Magazi a Sisitala Fulumirani

Ku sikelo ya amayi oyembekezera ankamutcha Sisitala Fulumirani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pake. Zaka khumi ndi zisanu anathothola nsapato m'khonde lomwelo. Koma tsopano wofulumiza anzake uja akakwera masitepe asanu ndi atatu a ku ofesi, ankaima pakati n'kumanamizira kuwerenga chikalata cha pakhoma.

Monga namwino, anadziyeza yekha. Anakoka chikope pagalasi, chofiira bwino. Anadzibaya chala, kamakina n'kuonetsa himogulobini 12.6, mlingo wa magazi wosadetsa nkhawa. Kanayi konse anatero, ndipo kanayi konse anadziweruza: "Magazi alipo, mayi iwe. Ndi ulesi basi." Waulesi sankamufuna pa ntchito, ngakhale atakhala iye mwini, choncho analemba kalata yosiya ntchito.

Dokotala wamkulu, mayi wosathamanga polankhula, anawerenga kalatayo n'kuiika pansi pa kapu.

"Asisitala, kumwezi mumatha masiku angati?"

"Asanu ndi atatu. Kwathu tonse timatero."

"Padi imodzi imatha nthawi yaitali bwanji?"

Funso limeneli Sisitala ankafunsa ena tsiku lililonse osaphethira, koma apa anayang'ana pansi ngati mtsikana. "Masiku oyamba, ola limodzi."

Dokotala anamutumiza ku labu kukayezetsa feritini ndi zina zoona ayironi, mchere wopangira magazi. Zotsatira zitabwera anamuitananso.

"Feritini yanu ndi 7. Ndiyo imatiuza ayironi amene thupi lasunga. Matenda otupitsa m'thupi amatha kuikweza n'kutinamiza, koma yanu ili pansi, palibe chokaikitsa. Thiransiferini, yonyamula ayironi m'magazi, yachuluka koma ikuyenda yopanda katundu, yadzaza magawo 10 okha pa 100."

"Nanga 12.6 ija?"

"Pa shelefu mankhwala alipo, koma kusitolo kwatsala makatoni okhaokha. Thupi limayamba latha zosunga, himogulobini imagwa pambuyo."

Sisitala anaseka mpaka misozi, ndipo kusekako kunali ndi mkwiyo. Zaka ziwiri akudzinyoza, pamene botolo la mapiritsi a ayironi linali pa tebulo lake lomwe, pafupi ndi fulasiki ya tiyi. Zoonadi fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma iye ngakhale wapamphunoyo sanamuone.

Dokotala anamulembera mapiritsi a miyezi itatu, osamwera tiyi, kenako adzayezenso. Anamulemberanso sikani ya chiberekero ndi mankhwala ochepetsa kutaya magazi, poti kuthira madzi mu ndowa yobooka n'kudzivuta. Kalata yosiya ntchito ija anamubwezera.

Sisitala atafika kunyumba masana anapeza mwana wake wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ali gone pa mpando, yunifolomu osavula, mbale zili mbwee. Mawu a masiku onse anafika pamlomo: iwe waulesi, dzuka. Anawameza. Anakhala m'mphepete mwa mpandowo n'kumugwedeza phewa pang'onopang'ono.

"Mwanangu, tandiuza. Kumwezi umatha masiku angati?"

Mtsikanayo anatikita maso. "Asanu ndi anayi, amayi. Si munati kwathu tonse timatero?"