Dzira Loyesera Mchere

Ku Nyampande mukafunsa za amai Felista Njobvu, anthu amayamba aseka kaye, kenako n'kukulozerani nyumba yamalata imene kuseri kwake kumalendewera tinsalu toyera. Chowaseketsa n'chakuti mayi ameneyu amatenga mkaka wabwinobwino, woti munthu n'kumwera tiyi, n'kuusandutsa chinthu chonga sopo chimene amachitcha tchizi. Osekawo ndi omwewonso amabwera chakumadzulo ndi kambale kobisa m'chitenje, ati n'kongolawitsa ana.

Amai Felista anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Amayi awo ankagwira ntchito m'khitchini ya Mpwitikizi wina, ndipo pothawa sananyamule mphika kapena mkeka, anangonyamula ana ndi luso la m'manja. Anakhala ku msasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, koma Felista anali atapenyana kale ndi Zakeyo, Mnsenga wa ng'ombe zinayi ndi mawu ochepa, amene mpaka lero amakama mkaka m'mawa uliwonse osafunsa kuti ukupita kuti.

Ntchito yake siyovuta kuifotokoza. Amawiritsa mkaka, n'kuthiramo madzi a mandimu ukadali wotentha. Mkaka umadukana, zoundana pazokha, madzi achikasu paokha. Zoundanazo amazikulunga m'kansalu n'kuzitsindika ndi mwala mpaka zitakhala mabulunga ngati chikhatho. Apa ndi pamene anthu ambiri amati ntchito yatha, pomwe kwenikweni ndi pamene yayambira. Bulunga lotere limakhala lodzaza madzi m'kati, lozizira m'kamwa ngati phala lopanda kanthu, ndipo kuno kopanda firiji silingagone masiku awiri.

Chimene chimalisunga ndi madzi a mchere. Amai Felista ali ndi ndowa yapulasitiki yachivundikiro momwe amamizamo mabulungawo. Mchere umakoka madzi kutuluka m'tchizi, wokha n'kumalowa pang'onopang'ono, kunja kumalimba, kukoma kumadzuka, ndipo tizilombo towoletsa timasowa madzi oti tiswanemo. Ukachuluka kwambiri, kunja kumauma gwa ngati chikopa. Ukachepa ndiye ngozi, chifukwa tchizi imayamba kumwa madzi m'malo motulutsa, imafufuma, imaterera. Ndiponso ndowa imasukuluka yokha. Bulunga lililonse limatenga mchere n'kusiya madzi ake, choncho madzi amene anali olimba mwezi watha sangakhale olimba lero.

Sikelo analibe. Amayi awo anawaphunzitsa kuyesa ndi dzira. Umaliponya m'ndowa, likamira uwonjezere mchere, likayandama n'kutulutsa kamsana kakukula ngati ndalama yachitsulo, basi madzi akwana. Zaka makumi atatu dzira silinawanamizepo, chifukwa nthawi zonse ankalitola m'khola mwawo likadali lofunda.

Chaka cha chilala chija, chitopa chinalowa m'mudzi n'kusesa nkhuku zonse. Chaka chomwecho kuchipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, n'kuwaletsa mchere. Amai Felista, pokhala munthu womvera mopitirira, anasiya ngakhale kunyambita chala chimene aviika m'ndowa. Ng'ombe zinali zitaonda, mkaka unkatuluka wongokwana mabulunga ochepa pa sabata.

Ndiye panali Rita, mwana wawo mmodzi yekha wamkazi, wokwatiwa ku Kacholola ndi Gideon, wogulitsa nthochi ndi makala m'mbali mwa msewu waukulu. Rita anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Inali mimba yachitatu, ziwiri zoyamba zinapita padera, ndipo pabanjapo palibe ankatchula za mwana mokweza. Nyama inkamunyansa, nsomba sankafuna n'kuiona komwe. Ankangolira tchizi ya amayi ake.

Lolemba lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amai Felista anagula dzira pa kantemba ka pamphambano. Ataliponya m'ndowa linayandama nthawi yomweyo, msana wonse pamtunda. Anakondwera kuti mchere ukadalimo wambiri, moti anathiramo ndi kapu ya madzi owiritsa kuti tchizi ya mwana isawawe. Mabulunga khumi anawaika m'kandowa kakang'ono, n'kuthira madzi omwewo, n'kupatsira dalaivala wa lole ya kwawo konko amene ankapita ku Lusaka, kuti akatule kwa Rita podutsa. Asanu anawasiya m'ndowa yaikulu. Dziralo analiika pa alumali kuti adzayeserenso.

Lachinayi m'mawa anavundukula ndowa. Amati tsoka silinunkha, koma limeneli linanunkha. Madzi anali atayera ngati otsukira mpunga, tithovu tili m'mbali. Atapisa dzanja, bulunga linawapulumuka ngati therere, m'mphepete mwake mukusungunuka pakati pa zala. Anaima pomwepo osamvetsa, chifukwa dzira linali litanena. Kenako anatunga madzi a pamjigo m'kapu, opanda ndi kambewu komwe ka mchere, n'kuponyamo dzira lija. Linayandama bwinobwino.

Anaika kapuyo pansi. Ankadziwa kuyambira ali mtsikana kuti dzira likakhalitsa limadzaza mpweya n'kuyamba kuyandama m'madzi alionse, koma Lolemba lija nzeruyo sinawafikire. Dzira la pa kantemba linali litakhala padzuwa mwina mwezi. Ndiye kuti madzi amene anatumiza ku Kacholola anali madzi chabe, ndipo tchizi inali itakhalamo masiku atatu m'nyumba yamalata, m'chigwa chotentha kuposa kuno.

Anaimba foni ya Rita, yozima. Ya Gideon, yozima. Magetsi chaka chimenecho ankabwera ngati mlendo wamanyazi, mafoni ankagona masiku osatchaja. A Zakeyo, amene anali ndi chigubu cha mkaka m'manja, anayesa kunena kuti mwina Rita wamva fungo n'kutaya. Amai Felista anangowayang'ana. Ankamudziwa mwana wawo, ndipo n'chifukwa chake ankaopa.

Anakwera njinga yamoto mpaka pamsewu wa tala, akadali ndi chitenje cha kukhitchini. M'basi munali phokoso la nyimbo ndi anthu okangana za mvula, koma iwo maso anali pamsewu basi. Pa Nyimba basi inaima kudikira anthu, ogulitsa nthochi atazinga mawindo, ndipo anatsala pang'ono kutsika kuti ayende wapansi. Anayesa kupemphera, mawu osagwirana. Chimene chinkabwera ndi nkhope ya Rita tsiku limene anatuluka m'chipatala kachiwiri ali chimanjamanja, atapinda bwinobwino kansalu kamene anagulira mwana. Nthawi ziwiri zija panalibe womuloza chala. Ulendo uno chalacho chikanaloza iwo.

Ku Kacholola anapeza tebulo la Gideon lili lokhalokha, nthochi zikupsa padzuwa. Kunyumba chitseko chinali chokhoma. Kandowa kaja kanali pakhonde, ndipo fungo lake linawalonjera asanakagwire. Anawerenga mabulunga ndi kamtengo. Analimo asanu ndi limodzi. Mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda n'kunena kuti Rita amutengera kuchipatala m'mawa, wakhala akusanza ndi kutsegula m'mimba kuyambira dzulo.

Mmene anafikira kuchipatalako sakumbukira. Gideon anali panja pa benchi, mutu uli m'manja. Mwa masiku onse mkamwini ndi apongozi ake amalonjerana chapatali, maso ali pansi, koma tsiku limenelo amai Felista anamuima pamaso penipeni. Gideon anadzuka n'kuvula chipewa.

"Apongozi, mwana sanaseŵele m'mimba kuyambila mailo."

Amai Felista analowa osagogoda. Rita anali chigonere, milomo itauma, botolo la madzi likudontha m'mkono. Namwino, mayi wamtali wosaseka, anamvetsera nkhani ya ndowa ndi dzira osadula mawu. Kenako anatenga kachitsulo konga lipenga, n'kukaika pamimba pa Rita, n'kutsamiritsa khutu. Anakasuntha. Anamvetseranso. Anakasunthanso kumunsi. Amai Felista anagwira chitsulo cha bedi, ndipo anachita mantha amene sanawamvepo ngakhale tsiku limene ankawoloka malire mfuti zikulira kumbuyo.

Namwino anakweza chala chimodzi n'kuyamba kuchigwedeza mofulumira, akutsatira chimene ankamva. Mtima wa mwana unalipo.

Koma sanawalole kupuma. Anati madzi a m'thupi abwerera, kusanza kuleka, koma pali tizilombo tina timene timabisala masabata angapo tisanaoneke, ndipo tina mwa ito ngakhale mchere wokwana sitiuopa. Mchere umachedwetsa kuwola, supha tizilombo tonse. Rita akangomva kutentha thupi, kapena mwana akangoti zii, abwere nthawi yomweyo osadikira kuti kuche bwino. Ndipo tchizi yotere mayi wapakati asadye pokhapokha itaphikidwa mpaka kutentha m'kati.

Namwino atatuluka, amai Felista anakhala m'mphepete mwa bedi. Anali atakonza mawu ambiri m'basi, koma chimene chinatuluka ndi funso limodzi, loti kodi fungo sanalimve. Rita anati Lolemba inali bwino, kungoti mchere unali wochepa, ndipo iye anaganiza kuti amayi achita dala pomuganizira. Lachiwiri inayamba kuterera. Lachitatu Gideon anamuuza kuti ataye, iye anaitsuka ndi madzi n'kudya Gideon atapita kumsewu.

"Ninamva, amama. Koma ninati vacokela m'manja mwanu. Imwe simulakwitsa."

Amai Felista anasendera pafupi. Akanakonda mwanayo akanawakalipira. Anamugwira pachipumi, panali pozizira, koma dzanja sanalichotse.

"Mwana wanga, usakanikhulupililenso conco."

Madzulo ake anatuma uthenga kwa a Zakeyo ndi foni ya namwino, poti yawo inali itazima, kuti mkaka azingogawira anthu, iwo sabwera msanga. Panali patatsala miyezi iwiri kuti mwana wa Rita abadwe. Anayala chitenje pansi pafupi ndi bedi, pamalo poti akatambasula mkono azifika pachipumi pa mwana wawo, ndipo anayamba kudikira.