Lachinayi mpaka Lachinayi

Mlongo wanga anasiya kuyankha foni nthawi yachisanu, chaka chomwe ndinkagulitsa kaunjika mumsika wa Mzimba. Iye ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Chikangawa, ndipo kusowa kunali khalidwe lake. Akalandira ndalama amatha mwezi osaoneka, kenako n'kutulukira pabenchi panga akuseka, akupempha jekete yaulere. Ndiye ulendo umenewu sindinade nkhawa. Ndinangokwiya, n'kumauza anzanga kuti akabwera ameneyo aona polekera.

Tinali awiri okha kuno, ochokera ku Ntchisi. Amayi anatsala kumudzi, ndipo akandiimbira kufunsa za mwana wawo ndinkayankha kuti kunkhalango kulibe netiweki. Sindinkanama, kulibedi.

Ndinapita ku Engutwini kukasinthanitsa zovala ndi nyemba, ndipo ndinakhalitsako kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinabwerera Lachitatu dzuwa litapendeka. Katundu wanga ndinkasungitsa m'sitolo ya bambo wina wachisilamu, wogulitsa misomali ndi malata, munthu wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku limenelo anandiuza kuti ndikhale pansi, zomwe anali asanachitepo.

Anati dzulo lake anapita kupolisi pa nkhani ya njinga yake yobedwa, ndipo pakhoma anaonapo chidziwitso. M'nkhalango munapezeka mtembo wa mwamuna wosadziwika, wooneka kuti anali wocheka matabwa, ndipo unali ku mochale. Abale ankayenera kubwera pasanathe masabata awiri kuchokera tsiku lolembedwa pamwamba pa pepalalo. Akapanda kubwera, a khonsolo auika m'manda. Bamboyo anandiimbira kangapo koma foni yanga sinkapezeka. Tsikulo analilemba pachikatoni cha misomali, ndipo linali Lachinayi, pafupifupi masabata awiri apitawo.

Anayamba kuwerenga ndi zala, ine ndikumutsatira. Chala choyamba anapinda pa Lachinayi lomwelo, monga timawerengera tonse. Mwana akabadwa lero, lero ndiye tsiku lake loyamba, ndani angatsutse? Manja onse anatha, anayambiranso, ndipo chala cha khumi ndi chinayi chinagwera pa Lachitatu, tsiku lomwe tinalipolo. Tonse tinayang'ana panja. Maofesi anali ataweruka kale, alonda akuyatsa mbaula m'makonde.

Bamboyo anapukusa mutu. Anati kwa iwo munthu akafa m'mawa madzulo amakhala atagona kale, ndipo zoti thupi likhale mufiriji masabata awiri popanda wolifunsa zinkamusowetsa mtendere chionereni pepala lija. Anandilangiza kuti ndisataye nthawi kumaofesi m'mawa, chifukwa maliro otere amawaika msangamsanga. Ndilawire kumanda a khonsolo, mwina andilola kusuzumira m'bokosi asanakwirire, ndipo zikakanika ndidziweko pomwe agona.

Ndinalawiradi. Nkhungu ya ku Mzimba nthawi yachisanu simasewera, imatsika kuchokera kumapiri n'kumeza tauni yonse, moti galimoto umayamba kuimva usanaione. Manda ali kunja kwa tauni, ndipo chigawo cha anthu opanda abale chili kumapeto kwenikweni, kopanda mitanda, kopanda nkhata za maluwa, milu ya dothi yokha yomera udzu. Ndinamva makasu ndisanaone munthu. Kenako m'nkhungumo munaoneka anthu ovala zoyera, ena ali m'dzenje mpaka m'chiuno, ena ataima phee. Anali akaidi, koma ndinatenga kanthawi kuti mutu uvomereze.

Panalibe nyimbo, panalibe wolira. Mkaidi wina anali kudya chinangwa atakhala pamulu wa munthu. Ndinapsa mtima, ndinafuna kumulalatira, koma ndinadziletsa. Ndinangokhala pansi pamtunda pang'ono, n'kufunda chitenje, kudikira galimoto yobweretsa bokosi.

Ndinadikira mpaka nkhungu inayamba kuyera. Dzenje linatha, akaidi anatuluka n'kuyamba kupukuta makasu ndi udzu. Galimoto osabwera. Msilikali wa ndende amene ankawayang'anira, bambo wamtali wa mfuti yakale paphewa, anali akundiyang'ana kwa nthawi yaitali, ndipo potsiriza anabwera n'kundifunsa m'Chichewa chake cha Chitumbuka ngati ndinali ndi m'bale pamalopo. Ndinamufotokozera zonse, ndipo ndinamuonetsanso ndi zala mmene masiku anathera dzulo.

Anandisiya ndimalize, kenako anagwira chala changa choyamba n'kuchiwongola.

"Ichi ayi, mama. Tsiku lolembedwa papepala saliwerenga. Boma limayambira mawa lake, Lachisanu ndiye loyamba. Mbwenu Lachinayi mpaka Lachinayi. Lero likadali lanu, kufikira ataweruka."

Anati dzenje akumbiratu chifukwa dothi lauma ndipo mawa akaidi ali ndi ntchito ina, koma mwini wake abwera mawa m'mawa. Mawu akuti mwini wakewo anandizizira kuposa nkhungu. Kwathu manda sagona chitsegukire, adzukulu sangalole, amati dzenje lotere limaitana munthu. Kuno palibe amene zinkamukhudza. Ndinasuzumiramo podutsa, ndipo munali mwaudongo, makona owongoka bwino, ngati chipinda chosesedwa podikira mlendo.

Ndinathamanga, ine mzimayi wamkulu, chitenje m'manja. M'njira ndinali kutukwana bambo wa sitolo uja ndi zala zake, ngakhale zala zanga zinawerenga chimodzimodzi. Theka la tsiku ndinalitaya nditakhala pamanda ngati chitsiru.

Kupolisi wofufuza nkhaniyo anali atapita kukhoti, ndipo ndinamudikira pabenchi mpaka masana. Pepala lija linali pakhoma moyang'anizana nane, m'mbali mwake mutapindika ndi chinyezi. Atabwera, anali mayi wofatsa, ndipo anavomereza zomwe ananena msilikali uja. Anawonjezera kuti tsiku lomaliza likanagwera Lamulungu kapena pa holide akanadikiranso tsiku lotsatira, koma Lachinayi ndi tsiku la ntchito, ndiye likatha latha. Anandiuza kuti madokotala sanapeze bala lililonse, zikuoneka kuti munthuyo anasochera m'nkhungu n'kufa ndi kuzizira. Anandichenjezanso kuti anakhala m'nkhalango masiku angapo asanapezeke, ndipo m'nkhalango muli zilombo.

Tinafika ku mochale dzuwa litapendekanso. Mkatimo munkamveka kulira kwa mafiriji basi, ndi fungo la mankhwala lolowa mpaka m'mano. Wogwira ntchito mmenemo anakoka chitsulo, anavundukula nsalu pang'ono, n'kubwerera m'mbuyo. Sindifotokoza zomwe ndinaona. Ndingoti nkhope panalibe.

Anandionetsa zovala m'jumbo. Buluku lakuda, malaya a mizeremizere, jekete yabulauni. Jekete yotero ndinamupatsapo, koma m'belo lomwelo munali zambiri zofanana nayo, ndipo ndinazigulitsa kwa ocheka matabwa omwewo. Msinkhu unali wake, koma mlongo wanga sanali wamtali kapena wamfupi. Ndiye wapolisi uja anatulutsa dzanja pansi pa nsalu, lamanzere, lopanda chala cha mkombaphala. Bala lake linali lakale, lopola bwino.

Mlongo wanga anadulidwadi chala ndi macheka chaka chapitacho. Koma ankachita nacho manyazi, dzanja limakhala m'thumba nthawi zonse, ndipo atavulala anakachirira kumudzi kwa amayi, osati kwa ine. Ndinaima pamenepo ndikuyesa kumuona m'maganizo akulandira jekete, akugwira kapu ya tiyi, akundibayibitsa pa depoti. Dzanja liti? Maganizo amandipatsa lamanja, kenako lamanzere, kenako onse awiri athunthu ngati tili ana. Ndipo ku Chikangawa amuna opanda chala ndi ambiri, aliyense amadziwa.

Ndinayesa kuimbira amayi. Foni yawo inali yozima, monga imakhalira ikapita kokatchajitsa. Ndinayesa nambala ya mlongo wanga, mwina kachikwi, ndipo ndinadzipeza ndikutchera khutu ku jumbo ya zovala ija ngati ilira mmenemo. Sinalire.

Wapolisi sanandifulumize, koma anayang'ana wotchi yapakhoma, nanenso ndinayang'ana. Ndinapempha kuti andipatse mpaka mawa ndilankhule ndi amayi. Anati mtima wake ukufuna, koma masabata awiri akutha lero, galimoto ya khonsolo yauzidwa kale, ndipo iye alibe mphamvu yowonjezera tsiku. Ndinaganiza za dzenje lija ndi makona ake, ndi mkaidi wodya chinangwa uja.

"Ndi wanga," ndinatero. "Lembani kuti ndi mlongo wanga."

Ndinasaina. Bambo wa sitolo uja atamva anatuma anyamata kwa kalipentala ndi matabwa ake omwe, ndipo misomali ya bokosi inachokera m'sitolo mwake. Anapezanso dalaivala wa lole ya matabwa yopita ku Lilongwe, amene anavomera kutipatutsira ku Ntchisi. Achipatala anakhomerera bokosi n'kutiuza kuti lisatsegulidwe. Tinanyamuka Lachisanu m'mawa, nkhungu ili tholo, ine nditakhala pamwamba pa matabwa pambali pa bokosilo. Fungo la paini mpaka lero sindilifuna, ngakhale pa mpando watsopano.

Kumudzi anthu analira monga amalirira. Amayi okha sanalire. Anakhala pamphasa m'nyumba ya siwa, dzanja lili pabokosi, maso ali pakhomo. Adzukulu atabwera kudzanena kuti kumanda zonse zatheka, amayi anandikodola kuti ndiyandikire, ndipo analankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Unamuona nkhope?"

"Nkhope panalibe, amayi. Ndinaona dzanja lopanda chala."

"Dzanja liti?"

"Lamanzere."

Iwo ndi amene anatsuka bala lija ndi madzi a mchere mwezi wathunthu, ndiye ankadziwa. Ndinawayang'ana pakamwa. Anachotsa dzanja lawo pabokosi, analiyang'ana, analibwezeranso pomwepo. Adzukulu anali ataima pakhomo, akudikira.

"Mwana wa munthu ameneyu," anatero. "Kamuikeni bwino."

Tinamuika pafupi ndi bambo athu, ndipo pamtanda tinalemba dzina la mlongo wanga. Papita zaka tsopano. Amayi amalambula mandawo chaka chilichonse, ndipo sanandiuzepo kuti linali dzanja liti. Inenso sindinawafunse, ndipo nambala yanga ya foni sindinasinthe.