Mabokosi a mwana wanga

Ndinapasa Sitandade Sikisi. Atate anga anachokera ku Nyasalande wapansi kudzagwira ntchito pamgodi wa Kabwe, ndipo anamwalira osadziwa kulemba dzina lawo. Ine ndinkalemba makalata a anthu a mzere wathu wonse wa nyumba ku komboni ya Bwacha. Ndinali mmisiri womanga nyumba za mgodi. Pa samu panalibe wondiuza kanthu.

Ndinali ndi ana asanu. Wachitatu, wamkazi, ndiye anali ndi mutu. Ndinkafuna kuti apase Giredi Seveni alowe Fomu Wanu. Malo a ku sekondale anali ochepa masiku amenewo, ndipo mtsikana wolephera ankangobwerera kunyumba kudikira mwamuna. Akulu ake awiri anali atalephera kale. Ndinaika mtima pa iyeyu.

Ali Giredi Faivi, tsiku lina nditaweruka ndinatsegula kope lake la samu. Ndinapeza mabokosi. Pamwamba analemba 24 × 13, m'munsi anajambula chinthu ngati pulani ya nyumba ya zipinda zinayi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi samu, atate. Aphunzitsi akuti tiyambe ndi mabokosi. Ya mizere tidzaphunzira temu ya mawa."

"Ndinakutumiza kusukulu kukajambula makola a nkhuku?"

Ndinatenga pensulo ndi kumuonetsa momwe tinaphunzirira ife. 24 pamwamba, 13 pansi. 24 kuchulukitsa ndi 3, ndi 72. Mzere wachiwiri uyamba waika ziro, kenako 24 kuchulukitsa ndi 1, zikhala 240. Uphatikiza, 312.

"Nanga ziroyo wachokera kuti, atate?"

"Amaikidwa."

"Chifukwa chiyani?"

Sindinadziwe. Zaka zonsezo ndinkaika ziro chifukwa mphunzitsi wa ku mishoni ankamenya wosaika. Ndinamuuza kuti mwana safunsa atate ake ngati wapolisi. Ndinang'amba tsambalo.

Lachisanu ndinavala jekete ndi kupita kusukulu. Mphunzitsi wake anali mtsikana Mbemba, wongochoka kumene ku koleji. Chinyanja chake chinali cha m'tauni. Ana anali atatuluka, kupatula mwana wanga ndi anzake awiri amene ankasesa.

"Ba tata, nkhalani pansi," anatero.

"Sindinabwere kudzakhala. Ndabwera kudzafunsa chifukwa chake mukuphunzitsa ana kujambula m'malo mwa samu."

Sanakwiye. Anafunsa ntchito yanga. Nditamuuza anaseka pang'ono.

"Ndiye imwe muziba kale. Mwayala njerwa pansi, mizere 13, mzere uliwonse njerwa 24. Zonse ni zingati?"

"312."

"Eya. Manje tiyeni tione kwamene zili."

Anajambula bwalo la ngodya zinayi pabolodi. M'litali analidula pawiri, 20 ndi 4. M'lifupi analidulanso, 10 ndi 3. Panatuluka zipinda zinayi. Anaitana mwana wanga ndi kumupatsa choko.

Mwanayo anasiya tsache. Sanandiyang'ane. M'chipinda chachikulu analemba 200, chifukwa ndi mizere 10 ya njerwa 20. Pambali pake 40, mizere 10 ya njerwa 4. M'munsi 60, mizere 3 ya njerwa 20. Pakangodya kotsala 12. Anaphatikiza, napeza 312.

Mphunzitsi anaphimba ndi dzanja zipinda ziwiri zapamwamba. "Izi zapansi, 60 na 12, ni 72. Ndiye mzere wanu woyamba, ba tata." Anasuntha dzanja. "Izi zapamwamba, 200 na 40, ni 240. Mzere wanu wachiwiri. Uja 1 wa mu 13 si 1 chabe, ni teni. Ni mizere teni ya njerwa. Ndiye kwamene ichoka ziro. Mwana akaona ichi na maso, sazaiwala. Njira yanu ni yabwino, ni yachangu, tizafikako. Koma ayambe aona."

Ndinamvetsa nthawi yomweyo, ndipo ichi ndikufuna chilembedwe. Ndinali nditayala pansi pa nyumba zambiri chomwechi, kuwerenga mbali yaikulu payokha, kenako kachidutswa ka kukhomo payokha, ndi kuphatikiza. Sindinaganizepo kuti ndi samu yomweyo ya m'kope. Mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba anandionetsa m'mphindi zisanu chimene sindinachidziwe zaka makumi atatu. Anachita zimenezi ana akuonerera, mmodzi wa iwo akuseka kuseri kwa tsache.

Ndinati, "Pamayeso palibe nthawi yomanga nyumba. Mwana wanga aphunzira njira ya anthu ophunzira."

"Ba tata, mupatseni chabe temu imodzi."

"Ndanena."

Kuyambira tsikulo mwanayo ndinkamuphunzitsa ndekha. Ndikaweruka, tinkakhala pakhonde mpaka dzuwa litalowa, samu makumi awiri, rula ili pambali. Kope la kusukulu ndinkaliona tsiku lililonse. Ndikapeza bokosi, ndinkang'amba. Anasiya kujambula ngakhale m'kalasi. Mphunzitsi ananditumizira kalata kawiri. Sindinayankhe. Chaka chotsatira mphunzitsiyo anamusamutsira ku sukulu ya ku Natuseko.

Amayi ake ankati, "Atate ake, mwanayu akulira akamaona kope. Musiyeni achite za aphunzitsi."

"Iwe unafika Sitandade chani?"



Ine ndikakhala pambali, mwanayo ankaika ziro. Ankayamba wayang'ana rula, kenako n'kuika. Ndikalowa m'nyumba kukamwa madzi, ndinkapeza 72 ndi 24 ataziphatikiza kukhala 96. Ndinkamumenya m'manja. Mawa lake ankaika ziro pamzere woyamba, kapena pa yonse iwiri. Sanafunsenso chifukwa chake. Ndikadatha kumujambulira zipinda zinayi zija pansi ndi kamtengo, pabwalo pomwepo. Ndinkadziwa kujambula kwake. Masiku ena dzanja linkafuna. Koma kutero kukanakhala kuvomera kuti mtsikana uja ananena zoona, ndipo ana a mzere wathu anali atamva kale kuti ndinapita kusukulu kukamukonza.

Mayeso a Giredi Seveni anali osankha yankho pa mayankho olembedwa kale. Mwanayo anabwera kunyumba akumwetulira, koyamba m'miyezi yambiri.

"Atate, samu inali yosavuta. Mayankho anga onse ndimawapeza papepala."

"Tchula imodzi."

"36 kuchulukitsa ndi 25."

"Unapeza chiyani?"

"252. Inalipo, pa B."

Ndinawerengera mumtima. 180 pamzere woyamba, 720 pawachiwiri, 900. Iye anaphatikiza 180 ndi 72. Olemba mayeso amadziwa ana oiwala ziro, ndipo amawaikira yankho lawo kuti alipeze. Mwana woona zipinda akanadziwa kuti chipinda chachikulu chokha, 30 kuchulukitsa ndi 20, ndi 600, ndipo 252 sangakhale nyumba yonse. Anali nazo nzeru zimenezo ali Giredi Faivi.

Ndinati, "Chabwino. Kathandize amayi ako."

Zotsatira zinatuluka mu Januwale. Dzina lake panalibe. Sindinganene kuti samu yochulukitsa yokha ndiyo inamugwetsa, koma anatsala pang'ono, ndipo samu ndiyo inali pansi pa maphunziro onse. Ndinapita kwa ahedi kukapempha malo obwereza. Anati kalasi ladzaza, ana amakhala kale anayi pa desiki.

Mwanayo anakhala panyumba zaka zitatu, akutunga madzi ndi kulera ang'ono ake. Kenako anakwatiwa ku Ngungu ndi munthu woyendetsa minibasi. Ali ndi ana asanu ndi mmodzi. Amabwera Lamlungu lililonse tikatuluka ku tchalitchi, amandichapira malaya, amagwada pondipatsa madzi. Amauza ana ake kuti agogo awo ndi katswiri wa samu, kuti iye yekha ndiye anabadwa wopanda mutu. Amanena akuseka, ndipo amakhulupirira.

Ndamumva akunena zimenezi kambirimbiri. Sindinamutsutsepo.