Bokosi Lachisanu pa Fomu ya Makalaliki

Msuweni wanga sankadziwa Chingerezi, ndipo kwa zaka zitatu chimenecho ndicho chinkandigonetsa tulo tabwino. Tonse awiri tinali makalaliki a bungwe logula chimanga ndi mtedza kwa alimi, masiku aja a chipani chimodzi, pamene khadi la chipani tinkayenda nalo m'thumba la shati. Ine ndinali pa depoti ya pa boma, ku Chadiza, iye ali ku Zingalume. Ntchito yathu inali ya nyengo chabe. Malole akamaliza kututa matumba, nafenso tinkabwerera kumudzi kukagwira khasu.

Chaka chimenecho kunamveka kuti pakufunika wosunga nkhokwe yaikulu ya pa boma. Imeneyi inali ntchito yokhazikika, ya penshoni, ndi nyumba ya malata. Malo anali amodzi, ndipo anati adzatenga kalaliki amene mafomu ake a kagwiridwe ka ntchito ali abwino koposa. Ine ndinayamba kale kuyeza mawindo a nyumbayo ndi maso.

Fomuyo inali ya Chingerezi, ya mabokosi asanu pa mzere uliwonse. Loyamba linali la munthu wolephera, lachisanu la katswiri. Otiyang'anira anali a magulu awiri. Ena anali achinyamata ophunzira, otumizidwa kuchokera ku zigawo zina, amene Chichewa ankachidziwa cha moni ndi cha pamsika. Ena anali akapitawo akale a konkuno, owerenga Baibulo ndi buku la nyimbo, amene fomuyo ankachita kuwerengeredwa ndi aliyense amene wapezeka pafupi. Abwana anga anali a gulu loyamba. Ndinkawalembera makalata, ndinkawamasulira alimi akabwera ndi madandaulo, ndipo iwo ankangochonga lachisanu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Msuweni wanga ankayang'aniridwa ndi akapitawo achikulire, mkulu wa mpingo, ndipo chaka ndi chaka ankapeza lachitatu.

Kenaka kunabwera mayi wina wochokera ku ofesi ya chigawo, woona za antchito. Anayala mafomu onse patebulo naona kuti makalaliki a ku Mlolo, ku Zemba ndi ku Zingalume onse ali pa bokosi lachitatu, ngati anabadwa tsiku limodzi. Anati sangasankhe munthu ndi mafomu otere. Pepala lofotokoza ntchito ya kalaliki ndi fomu yomwe, zonse zimasuliridwe m'Chichewa, ndipo onse ayesedwenso. Abwana anga anandiloza ine. Ndinatuluka mu ofesimo mapewa ali m'mwamba. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pepala la ntchito silinandivute: kuyesa sikelo, kuona ngati chimanga chauma, kusoketsa matumba, kusanja mulu, kufunditsa tenti. Pa fomu ndi pamene ndinaima. Ndine mwana wa kuno, ndinkadziwa bwino lomwe chifukwa chimene akuluakulu aja sankachongera lachisanu. Sikuti sankamva. Kwathu munthu sumutama poyera, makamaka polemba. Ukatero wamuimika pachulu kuti maso onse amuone, ndipo mwana wake akadwala mawa anthu adzati unamuputira ndiwe. Tsono ndinatenga mawu a Chingerezi aja n'kuwamasulira monga analili, mwina n'kuthirako kamchere pang'ono: "Woposa anzake onse, wopanda banga." Ndinadziwa kuti palibe mkulu wa mpingo amene angaike cholembera pamenepo. Ndinene mosabisa, ndinachita dala.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti ndinkayidziwa depoti ya msuweni wanga. Ndinapitako pa njinga kangapo, ati kukacheza, koma kwenikweni kukafuna cholakwa. Sindinachipeze. Munthu wolekeza Giredi Seveni, wolemba ngati nkhuku yapalasa, koma mulu wake wa matumba unali wowongoka ngati khoma la tchalitchi. Alimi ankamutchula dzina mokoma ngakhale atawabweza ndi chimanga chosauma. Ine ndikabweza munthu ankapita akutukwana mpaka kumsika. Msuweni wangayo ankandiseka monga achitira asuweni. "Asuweni, Chingerezi chanucho chimathamangitsa anankafumbwe?" Ndinkaseka nawo, mtima uli phuliphuli ngati mphika wa nyemba.

Mayi uja anapereka Chichewa changa kwa mphunzitsi wina amene sanaone fomu yoyamba, kuti achibwezere m'Chingerezi. Atafananiza mapepala awiriwo anapeza kuti akugwirizana, nandiyamikira pamaso pa abwana. Ndinati basi, nyumba ija ndalowa.

Koma mayiyo sanalekere pomwepo. Anaitana oyang'anira onse pa boma Loweruka lina. Achinyamata anakhala kumanja ndi fomu ya Chingerezi, akuluakulu kumanzere ndi yanga. Anawerenga nkhani ya kalaliki wongopeka, wogwira ntchito bwino kwambiri, ine n'kumamasulira, kenaka anati aliyense achonge payekha. Kumanja kunatuluka lachisanu lokhalokha. Kumanzere kunatuluka lachitatu lokhalokha.

Anafunsa akapitawo a ku Zingalume chifukwa chake. Iwo anavula chipewa, nayankha pang'onopang'ono kuti ine ndithe kutsatira.

"Mayi, mnyamata mwatiwerengerayu ndi wabwino. Koma pepalali likuti wopanda banga. Wopanda banga ndi Mmodzi yekha. Ndiponso ndikalemba kuti uyu waposa anzake, anzakewo amadya naye mbale imodzi. Ine ndidzabwerera kwathu, iye ndidzamusiya ndi ndani?"

Ndinamasulira zonsezo ndi pakamwa panga. Mayiyo anati vuto si kumasulira kokha, fomu ya Chingerezi nayonso ndi yolakwika, chifukwa ikufunsa maganizo a munthu m'malo mofunsa zimene waona. Anati tilembenso zonse ziwiri pamodzi. Pa bokosi lililonse pasakhale mawu otama kapena onyoza, pakhale chinthu chimene woyang'anira angachione ndi maso akafika pa depoti.

Tinakhala masiku atatu mu ofesi, iye ndi ine ndi taipi. Ankandifunsa mzere ndi mzere. Sikelo: kalaliki wa bokosi lachitatu amatani? Ndinati amayesa sikelo Lolemba, kapena mlimi akadandaula. Ndinayankha msanga chifukwa ndinkanena za ine ndemwe. Nanga wa lachisanu?

Apa ndipo pamene ndimadzitukwana mpaka lero. Ndikanatha kunena zinthu zosatheka, kapena kunena kuti sindidziwa. Koma mayiyo ankandiyang'ana ngati munthu wodziwa ntchito, ndipo ine kutamidwa ndiye matenda anga. Pakamwa panatseguka pokha. Ndinati amayesa sikelo m'mawa uliwonse ndi mwala woyesera, alimi akuona. Chimanga amatapa pansi pa thumba ndi pakati, osati pamwamba pokha, n'kuluma njere kuti amve ngati zauma. Asanasanje matumba amayala mitengo pansi kuti chinyezi ndi chiswe zisafike. Amasiya mpata pakati pa milu kuti mphepo idutse ndiponso munthu athe kuwerenga mbali zonse. Amakumba ngalande kuzungulira mulu mvula isanayambe, chifukwa malole amachedwa. Tenti ikang'ambika amasoka tsiku lomwelo.

Iye ankalemba m'Chingerezi, ine m'Chichewa, kenaka tinkawerengerana kuti mzere uliwonse unene chinthu chimodzi mbali zonse. Nditafika pa ngalande ndinazindikira kuti ndikujambula depoti ya ku Zingalume. Panalibe ina imene ndinaionapo yotere. Ndinaganiza zoti m'Chichewamo ndibwezeremo kamawu kamodzi kotama, koma mphunzitsi uja anali kudikira kuti abwezerenso, ndipo akanakatulutsa poyera.

Atayesanso ndi kalaliki wina wongopeka, kumanja ndi kumanzere anagwirizana pafupifupi mizere yonse. Pamene anasiyana anakambirana, tinakonza mawu, n'kuyesanso. Akapitawo a ku Zingalume anagwira fomu yatsopano patali ndi maso, nawerenga okha.

"Iyi ndiye ingatheke," anatero. "Apa sindikutama munthu. Akundifunsa ngati ngalande ilipo. Ngati ilipo, ndinganame bwanji?"

Abwana anga nawonso anatenga fomu yawo n'kutuluka nayo panja, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Anazungulira mulu wanga. Mitengo pansi inalipo, koma mbali imodzi matumba anakhudza dothi. Ngalande ndinali ndisanakumbe. Anandifunsa kuti mwala woyesera uli kuti, ndipo tinaupeza utatsekereza chitseko. Sanakalipe. Anangoti pepani, fomu mwalemba nokha. Ndinapeza lachitatu pa mizere yambiri, lachinayi pa kusunga mapepala. Mzere wofunsa za kudziwa Chingerezi panalibe, chifukwa pa ntchito ya kalaliki wa depoti sunalembedwepo.

Milungu imene inatsatira sindinali munthu. Mkazi wanga akati ndiwo zatha ndinkamva ngati akunena za nyumba ya malata. Kutchalitchi ndikaona amalume, bambo ake a msuweni wanga, ndinkapereka moni ndi manja awiri, mumtima ndikuti mwana wanuyo ngakhale kulemba tsiku la mwezi amachita kufunsa. Ndinkadziuza kuti ku chigawo sangapereke nkhokwe yaikulu kwa munthu wosamva Chingerezi. Ndinapempherapo kuti mvula ibwere msanga imunyowetsere matumba. Inabweradi msanga, n'kunyowetsa anga.

Tsiku lina masana ndikusoketsa matumba ndinaona njinga ikulowa pachipata. Anali msuweni wanga, fumbi mpaka m'nsidze. Sanandiseke monga mwa masiku onse. Anandikokera kuseri kwa mulu, natulutsa envulopu ya khaki m'thumba la shati.

"Asuweni, yabwera dzulo. Ndaona dzina langa ndi chidindo, zinazi zandikanika. Sindinafune kupita kwa aphunzitsi, angayambe kulengeza. Mundiwerengere inu, ndinu wanga."

Anandipatsa envulopuyo. Ankaganiza kuti mwina amuchotsa ntchito. Ndinawerenga kalatayo chamumtima kawiri. Inati wasankhidwa kukhala wosunga nkhokwe, ayambe pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira, makiyi a nyumba akatenge ku ofesi, ndipo makalaliki a depoti ya pa boma adzakhala pansi pake. Pa depoti ya pa boma kalaliki ndinali ine ndekha.

"Ikuti chiyani?" anafunsa.

Ndinamumasulira mzere ndi mzere, osasiyako kanthu. Atamva za nyumba anakhala pansi pa thumba, nagwira kumutu. Kenaka anandipempha kuti ndibwereze mzere womaliza, pang'onopang'ono, poti sanaumve bwino. Ndinaubwereza.