Lachinayi Lomwe Seva Inasamuka

Pa kampani ina ya mainjiniya, dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso. Aliyense ankawatchula kuti a Zimitsani, chifukwa ukawaimbira kuti kompyuta yakanirira, yankho lawo loyamba silinkasintha: "Zimitsani, muyatsenso." Anali mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo mawondo awo ankadana ndi masitepe. Analowa ntchito ngati wotayipa makalata, ofesi yonse ili ndi kompyuta imodzi. Bambo amene ankaisamala atasiya ntchito, abwana anamwazamwaza maso, n'kuwagwetsera pa iwo. Zinazo anaphunzira zinthu zikuwaonongekera m'manja.

Kunsi kwa masitepe kunali kachipinda kopanda zenera, momwe munkakhala seva ya malaisensi. Pulogalamu yojambulira mapulani inali ndi malaisensi khumi ndi awiri, koma ojambula analipo makumi awiri. Munthu akatsegula pulogalamuyo, kompyuta yake inkapempha laisensi ku seva ija; akatseka, laisensiyo inkabwerera kuti mnzake atenge. Seva ikakhala chete, palibe wojambula ngakhale mzere umodzi. Inali itakalamba, ikumalira ngati njuchi m'botolo, ndipo a Zimitsani anadandaula zaka ziwiri abwana asanavomere kugula ina, yokaikidwa m'chipinda chozizira cha pamwamba.

Fayilo ya malaisensi imamangiriridwa ku makina amodzi okha, motero anatumiza nambala ya makina atsopano kwa eni pulogalamu, n'kudikira masiku asanu ndi anayi kuti fayilo ina ibwere. Itafika, anakhala pansi kulemba imelo. Anailemba katatu, ulendo uliwonse akuidula, mpaka inatsala chonchi:

"Anzanga, Lachinayi sabata ya mawa, kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko masana, tikusamutsa seva ya malaisensi. Nthawi imeneyo pulogalamu yojambulira sitseguka. Ngati ili yotsegula kale, ikuchenjezani, kenako ikana kupitiriza. Chonde sungani ntchito yanu ndi kutseka 1 koloko isanakwane. Imelo, intaneti ndi mafayilo athu zigwira ngati kale. Amene ali ndi ntchito yachangu abwereke laisensi pa kompyuta yake lisanadutse Lachitatu, ndibwera kudzamuonetsa. Ndikamaliza ndilembanso. Ikadzakana kutseguka, ndiimbireni."

Anayankha munthu mmodzi, kufunsa ngati angabwere kudzaona pulinta. Lolemba anaitumizanso. Lachitatu anamata pepala pa chitseko cha kokhalira tiyi.

"Ndiye anthu ophunzira chonchija sawerenga?" anafunsa amuna awo, dalaivala wopuma pantchito, m'mawa wa Lachinayi akuwaperekeza pa galimoto.

"Amawerenga mutu wokha, bambo ake. Ena ngakhale mutuwo umawatalikira."

Kutatsala pang'ono kuti 1 koloko ikwane, anayenda desiki ndi desiki ngati wogulitsa malonda. "Sungani, tsekani. Sungani, tsekani." Ena anadabwa ngati amva za maliro. Atabwerera kunsi kwa masitepe, seva inaonetsa kuti laisensi imodzi idakali kunja: inali pa kompyuta ya injiniya wamkulu, amene anzake ankamutchula kuti a Mlatho. Anakwera kukagogoda. Mu ofesi munalibe munthu, kompyuta ili yokhoma, foni siikuyankhidwa. Anadikira mphindi makumi awiri. Kenako anazimitsa seva yakale, chifukwa batire lalikulu lotetezera makina magetsi akathima linayenera kunyamulidwa kupita pamwamba.

Ali chogwada kumbuyo kwa makina atsopano, mawaya ali m'manja, anamva chitseko chikukankhidwa. Anali a Mlatho, abwana ali pambuyo pawo.

"Mayi, mwandizimira pulogalamu! Mapulani a mlatho akufunika kwa kasitomala 4 koloko."

"Ndinalemba, achimwene. Kawiri."

"Ine ndimalandira maimelo mazana awiri pa tsiku. Ndiziwerenga za makompyuta, mlatho amange ndani?"

A Zimitsani anadzuka pang'onopang'ono, atagwirira shelefu. Zaka zinawaphunzitsa kuti pa tsiku ngati ili sipalephera munthu wobwera akupuma mwa befu, ndiye dzulo lake anali atabwereka laisensi imodzi pa laputopu ya ofesi. Anawauza zimenezo.

"Mlatho ndijambule pa kagalasi kodziyang'anira? Yatsani yakaleyo."

Abwana anakhosomola. "Mayi, tayatsani kaye. Kusamutsaku tichite tsiku lina."

A Zimitsani sanatsutse. Anatsika masitepe a nsanjika zonse zitatu, analumikiza seva yakale ku magetsi a pakhoma, n'kudina batani. Fani inazungulira. M'kati munamveka ke, ke, ke. Anaizimitsa, nayatsanso. Ke, ke, ke. Disiki imene inazungulira zaka zambiri osapumako inali itakana kudzuka.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa abwana.

"Ndiye kuti yapita. Kumbuyo kulibenso njira."

A Zimitsani sanamve kukoma kwa munthu amene mawu ake apherezeka, anangomva msana. Makina amenewa anawapukuta fumbi zaka zonsezi, anawaikira fani ya patebulo m'miyezi yotentha, ndipo sanaganize kuti angawamvere chisoni.

A Mlatho anatenga laputopu ija. A Zimitsani anawatsatira, n'kuilumikiza ku sikirini yawo yaikulu. Fayilo ya mlatho inali bwinobwino, popeza pulogalamu inawalola kusunga isanatseke. Anawasiya akujambula, nabwerera pamwamba.

Kumeneko anaika fayilo ya malaisensi, nayatsa. Seva inaonetsa malaisensi onse khumi ndi awiri. Analozetsa dzina la seva yakale ku adiresi ya makina atsopano, n'kupita kukayesa pa desiki yapafupi. Pulogalamu inakana. Ojambula anali atayamba kusuzumira pakhomo, ena atanyamula makapu a tiyi, akufunsa mwaulemu wopweteka uja: "Zili pati, mayi?" Panapita theka la ola asanazindikire kuti makina atsopano akutsekereza khomo limene makompyuta amadzera popempha laisensi. Analitsegula. Pulogalamu inatseguka.

Nthawi inali 4:40 pamene analemba imelo yachiwiri, ya mzere umodzi: "Zatheka, mutha kutsegula." Imeneyi yokha anthu anaiwerenga msanga. Mafoni atatu analira motsatizana, makompyuta atatu akukanabe. Iwo anadziwa chifukwa chake: amenewo anawalembera kalekale adiresi ya manambala ya seva yakale m'malo mwa dzina lake, ndipo anawalembera ndi iwo omwe, asanadziwe bwino. Anayenda kukawakonza imodziimodzi, osamuuza aliyense.

Pa kolido anakumana ndi a Mlatho, laputopu ili kukhwapa, nkhope itamasuka. Mapulani anali atapita kutatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane.

"Mwatithandiza, mayi," anatero, akuwapatsa. "Kungoti ulendo wina muzibwera kudzatiuza pamaso. Zinazi zimafuna kukambirana."

Mawu anafika pakhosi, ambiri ndithu. A Zimitsani anawayeza, naona kuti alibe mphamvu zowanyamulira.

"Ndamva, achimwene."

Panja anapeza amuna awo ataimika galimoto pansi pa mtengo, mpando ataugonekera kumbuyo, wailesi ikulira pansipansi. Analowa, navula nsapato zonse ziwiri.

"Yasamuka?"

"Yasamuka."

"Ndiye mawa mupumako."

"Mawa kuli pulinta."

Bambowo anaseka, naliza galimoto. Asanafike pa mphambano yoyamba, a Zimitsani anali atatsamira zenera, chikwama chili pamiyendo, akuwodzera.