Kapu ya Pawindo

Ndinkayang'anira ogwira ntchito pa ofesi ina ku City Centre pamene anzathu awiri anapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB. Mmodzi anabwera yekha kwa ine, n'kutseka chitseko.

"Chonde amayi, anthu asadziwe. Mukukumbukira za kapu ija."

Ndikanaiwala bwanji? Kale mesenjala wathu anadwalapo matenda omwewa. Tinakamuzonda kwawo, shuga m'manja, mapemphero ambirimbiri. Atachira n'kubwerera, anapeza kapu yake yamangidwa kansalu kofiira, yaikidwa payokha pawindo. M'makhonde anthu ankanong'onezana kuti ali ndi kachilombo. Sanakhalitse, anasiya ntchito. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Ndinaitanitsa msonkhano. Ndinawauza kuti pa ofesi pathu papezeka TB, ndipo imafala mumpweya wodwala akatsokomola, osati pa kapu kapena popatsana moni wa m'manja. Mawindo azikhala otsegula. Azaumoyo abwera kudzatiyeza tonse, kuyambira abwana mpaka alonda a pageti. Amene akutsokomola osasiya, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda asadikire, athamangire kuchipatala. Mankhwala ake ndi aulere, ndipo munthu amachira.

Mayi wa ku akaunti, amene ankatsogolera mapemphero a m'mawa, anaimirira.

"Nanga tikazonda ndani? Mnzathu adwale ife osamuona? Umunthu uli pati pamenepa?"

"Apempherereni, amayi," ndinayankha. "Mulungu mayina akuwadziwa."

Eee, chipinda chonse chinachita phokoso! Ena anayamba kuwerenga mipando yopanda anthu, koma unali Disembala, ambiri anali pa tchuthi. Ndinangoti mumtima, werengani mutope.

Masana abwana anandiitana.

"Enawo abisireni, koma ine mundiuze."

"Bwana, azaumoyo akudziwa, ndipo amene anakhala pafupi ndi odwalawo awalondola okha. Inu dzinalo mukufuna mukatani nalo?"

"Mukudziwa kuti mukuyankhula ndi ndani?"

"Ndikudziwa, bwana. Ngati n'kundichotsa ndichotseni, mayinawo ndikwera nawo minibasi."

Ndinatuluka osatchula dzina ngakhale limodzi. Tsiku loyeza abwanawo anaima pamzere kumbuyo kwa wosamalira maluwa, nkhope ili ndwii. Ine ankangondiyang'ana cham'mbali, moni anasiya kundipatsa.

Tchuthi chitatha, odwala aja anabwerera limodzi ndi ena onse, adokotala atatsimikiza kuti sangapatsirenso anzawo, ngakhale mankhwala anali akumwabe. Nthawi ya tiyi ndinaima pakhomo la khitchini. Uja anandidandaulira uja analowa, n'kutenga kapu m'beseni momwe munali makapu a tonse. Mayi wa ku akaunti anamuthirira tiyi, uku akumudandaulira kuti ine ndine wouma mtima, ndinawaletsa kukazonda odwala.

"Zoona, amayi," anatero iye, n'kupitiriza kumwa tiyi wake.

Pawindo panalibe kapu.